Kuyesa pulogalamu ya usiku pa deta yeniyeni osasintha kanthu

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi: "Ndalemba pulogalamu yoti `cron` iziyiyendetsa usiku uliwonse. Imatumiza maimelo kwa makasitomala omwe adutsitsa masiku 30 osalipira, kenako n'kulemba mu databesi kuti akumbutsidwa. Ndingayiyese bwanji pa deta yeniyeni popanda kusintha kanthu?"

Igaweni pawiri. Mbali yoyamba izingowerenga ndi kusankha oyenera kukumbutsidwa, yachiwiri izitumiza ndi kulemba. Mukayiyendetsa ndi `--dry-run`, yoyambayo igwire ntchito yonse monga mwa masiku onse, koma yachiwiri ingosindikiza zomwe ikanachita: nambala ya kasitomala, ngongole yake ndi adiresi yomwe imelo ikanapita. Musalembe funso lina la SQL loyesera lokha, chifukwa mukatero mwayesa chinthu chomwe sichidzayenda usiku.

Ambiri amathamangira `BEGIN` kenako `ROLLBACK`. Zimathandiza, koma `ROLLBACK` imabweza za mu databesi zokha. Imelo ikapita yapita. Mu PostgreSQL manambala omwe `nextval` yapereka sabwereranso, ndipo mu MySQL matebulo a MyISAM sabweza n'komwe. Ine ndimakonda kutsekeratu khomo:

```
SET default_transaction_read_only = on;
```

Mukayika mzere umenewu pa PostgreSQL pulogalamu ikangolumikizana, `UPDATE` iliyonse yomwe munaiwala kutchinga ikanidwa, ndipo mudziwa pomwepo pamene pali mpata. Mawu achinsinsi a seva ya maimelo nawo musawapereke poyesa.

Pali msampha wina womwe umagwira mapulogalamu ngati anuwa. Tinene kuti imatenga makasitomala 500 nthawi imodzi motere:

```
WHERE reminded = false LIMIT 500
```

ndipo imabwereza mpaka asatsale aliyense. Usiku zimayenda bwino, popeza gulu lililonse likatha limalembedwa `true` n'kuchoka pa mndandanda. Poyesa palibe amene akulembedwa, ndiye anthu 500 omwewo azingobwerabwera, pulogalamu osatha. Chizindikiro chake n'chakuti manambala omwewo akubwerezedwa pa sikirini. Ena amangoyiimitsa gulu loyamba likatha, koma apo ndiye kuti enawo simunawaone. Konzani kuti izikumbukira `id` yomaliza:

```
WHERE reminded = false AND id > :last_id ORDER BY id LIMIT 500
```

Kenako muyese kudzera mu `cron` momwemo kwa masiku angapo, osati pa kompyuta yanu pokha. `cron` imayamba ndi `PATH` yaifupi, ndipo ngati wotchi ya seva ili pa UTC, "masiku 30" angathere pa tsiku lina. M'mawa tengani anthu khumi pa mndandanda n'kuwafananitsa ndi zolemba za malipiro, makamaka omwe ali pa tsiku la 30 ndi la 31.

Dziwani kuti kuyesaku kumangokuuzani ngati pulogalamu ikusankha anthu oyenera. Sikukuuzani ngati seva ya maimelo ilola maimelo ochuluka chonchi, kapena ngati akaunti yanu ili ndi chilolezo cholemba. Choncho usiku woyamba weniweni muyike malire a anthu 20, muone kuti maimelo afika ndipo `reminded` yasintha, kenako muchotse malirewo.