Dzina la bwana wamkulu wa kampani: musangodalira chithunzi

"Achimwene, ndine mlembi wa kagulu ka achinyamata kuno ku Matawale. Tikufuna kulembera kampani ina yaikulu kalata yopempha thandizo, ndiye ena atiuza kuti dzina la bwana wamkulu ndi anthu a mu bodi tikaone mu lipoti la pachaka. Ndalipeza koma masamba ake eee ndi ambiri zedi, ndiyambire pati?"

Mchemwali, musanawerenge dzina lililonse, yang'anani kaye pachikuto kuti lipotilo ndi la chaka chotha liti. Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Lipoti limakamba za chaka chomwe chadutsa kale, ndipo limatuluka patapita miyezi ingapo mabuku atatsekedwa. Mabanki ngati National Bank ndi Standard Bank amatseka pa 31 Disembala, koma a Illovo amatseka pa 31 Ogasiti, ndiye musamaganize kuti onse amayendera kalendala imodzi. Pitani pa webusaiti ya kampaniyo, pomwe alemba Investor Relations kapena Annual Reports, mutsimikize kuti palibe lina latsopano, chifukwa Google kawirikawiri imakutulutsirani lakale.

Mukalitsegula mupeza tsamba lokongola lija, Board of Directors, anthu atavala masuti akumwetulira. Onani ndithu, koma osathera pomwepo. Woyamba pa tsambalo nthawi zambiri ndi wapampando wa bodi, Chairman, ndipo ameneyu si amene amayendetsa kampani tsiku ndi tsiku ayi, iye amatsogolera misonkhano ya bodi. Amene mukumufunayo pansi pa dzina lake pamalembedwa Chief Executive Officer, kwina Managing Director. Ena onse muona Executive kapena Non-Executive. Oyambawo ndi ogwira ntchito pakampanipo, enawo amangobwera ku misonkhano ndipo ambiri ali ndi ntchito zawo kwina, kalata yanu itha kukhala mwezi asanaione.

Tsamba lomwe ine ndimalikhulupirira kwambiri lili mkati, pafupi ndi pomwe manambala akuyambira, lilibe chithunzi olo chimodzi, mutu wake Directors' Report. Pa laputopu dinani Ctrl+F, pafoni dinani kagalasi kofufuzira kaja, mulembe resigned, kenako appointed, kenako retired. Pamenepo pali mndandanda wa onse omwe anakhalapo mu bodi chaka chimenecho, ndi masiku omwe wina analowa kapena kutuluka.

Tiyerekeze mwapeza maina 11. Pambali pa awiri alemba kuti anachoka, wina mu Malichi wina mu Seputembala, ndipo m'modzi analowa mu Okutobala. Ndiye kuti potseka chaka bodi inali ya anthu 9, wolowa mochedwayo ali momwemo, awiri aja afufuteni. Mukalemba onse 11 mwaphatikizamo anthu oti anatsanzika kalekale. Kenako yang'ananinso chidziwitso cha msonkhano waukulu wa eni masheya, Notice of Annual General Meeting, nthawi zina chimakhala kumapeto kwa lipoti, nthawi zina chimatuluka pachokha. Mmenemo amatchula omwe nthawi yawo yatha ndipo akufuna kusankhidwanso, komanso omwe akupuma osabwereranso.

Ine zinandionekerapo izi. Ndinalemba kalata yopempha mabuku a sukulu ina kuno, dzina ndinatenga pa chithunzi, ndinakasindikiza pa kashopu ka mtauni, nkuitumiza mtima uli mbee. Patapita masabata atatu ndikuimba foni, mayi wa pa ofesi anangoti "bambo amenewo anapuma kale." Lipoti silinaname, koma munthuyo anachoka lipoti litatuluka. Zinandiwawa chifukwa ana aja amadikira.

Ndiye poti lipoti limaima pa tsiku lomwe analisaina, miyezi yotsatirayo muyenera kuifufuza panokha. Makampani omwe ali pa Malawi Stock Exchange amalengeza akasintha bwana wamkulu kapena wa mu bodi, zidziwitso zake zimatuluka munyuzi ngati The Nation ndi The Daily Times. Lembani dzina la kampani ndi mawu oti appointment pa Google muone ngati pali nkhani yatsopano kuposa tsiku losainira lija.

China, onetsetsani kuti mwatsegula lipoti la kampani yeniyeniyo. NICO Holdings ili ndi bwana wake ndi bodi yake, NBS Bank yomwe ili pansi pake ilinso ndi ake. Chimodzimodzi Press Corporation ndi TNM. Mukaona mawu oti Group kutsogolo kwa udindo, ameneyo ndi wa gulu lonse la makampani.

Mmasamba oyambirira kapena omaliza mupezanso dzina la Company Secretary, adilesi ya likulu, nthawi zambiri ndi nambala ya foni. Ikani mayunitsi pang'ono muimbe kalata isanapite, mufunse ngati dzina ndi udindo zomwe mwalembazo zikadali choncho, ndipo mufunsiretu ofesi yomwe imalandira makalata opempha thandizo, chifukwa kawirikawiri amakhala ndi munthu wake woona zimenezo.