Der, die, das ndi den: pomwe muike mphamvu mayeso a A1 asanafike

"Ndikulemba mayeso a Chijeremani a A1 pakatha masabata 6. Mawu ndikuwadziwa, koma der, die ndi das akundisokoneza, ndipo ndikaona den kapena dem mutu umaima. Ndiyambire pati?"

Achimwene, yambirani pa kope lanu la mawu. Ngati munalemba Tisch, Tür, Fenster pawokha, kopelo lilembedwenso: der Tisch, die Tür, das Fenster. Mwana wa Chichewa saloweza kuti nyumba ili m'gulu liti la mayina, amangozolowera kunena nyumba yanga, chitseko changa. Chijeremaninso chimafuna khutu lotero. Tanthauzo la dzina silingakutsogolereni nthawi zonse, poti ngakhale mtsikana ndi das Mädchen.

Mathero a dzina ndiwo amathandiza. Othera ndi -ung, -heit ndi -keit ndi a die, monga die Wohnung. Othera ndi -chen ambiri ndi a das, n'chifukwa chake mtsikana uja anagwera kumeneko. Masiku ndi miyezi ndi a der. Dzina lophatikiza limatsata mbali yomaliza: das Haus ndi die Tür amapanga die Haustür.

Koma mtima wanga uli pa den, chifukwa apa ambiri amaopa chinthu chochepa. Dzina likakhala pamtherankhani, zomwe mabuku amazitcha akuzativu, gulu la der lokha ndilo limasintha. Der amakhala den, ein amakhala einen, kein amakhala keinen. Die ndi das sagwedezeka.

Tiyese pa mayeso enieni. M'gawo lachitatu la kuyankhula pa Start Deutsch 1, mayeso a A1 a bungwe la Goethe-Institut, mumatenga khadi la chithunzi n'kupempha mnzanu chinthucho. Pakhale apulo. Dzina ndi der Apfel, ndipo ndi chinthu chomwe chikuperekedwa, choncho mukuti: Geben Sie mir bitte einen Apfel. Pakakhala kapu mukuti eine Tasse, pakakhala tambula ein Glas, osasintha kanthu. Ambiri amati ein Apfel, mwina chifukwa Mjeremani akamayankhula msanga einen amamveka ngati ein. Kusintha kwa ein kukhala einen kumachitikanso pambuyo pa haben, brauchen, kaufen ndi es gibt. Samalani ndi sein: Das ist ein Apfel, osati einen.

Dativu, komwe kumachokera dem uja, musamuloweze tebulo lonse pano. Gwirani aperekezi mit, bei, von, zu, aus ndi nach m'timagulu tathunthu: mit dem Bus, zum Arzt, mit der Bahn. Der womalizayu si wa gulu la der Apfel ayi. Ndi die Bahn yemweyo, wasintha chifukwa cha mit, ndiye musakalembe der Bahn m'kope.

Mumapambana ndi 60 pa 100, ndipo pa kalata ya mawu ngati 30 chachikulu n'kuyankha mfundo zitatu zomwe mwafunsidwa. Mukakayikira gulu la dzina, sankhani limodzi, malizani chiganizocho. Pa masabata 6 amenewa, tsiku lililonse tengani mayina 10 a der, lililonse mulinene mokweza kawiri: Das ist ein Stuhl, ich brauche einen Stuhl.