Zilembo za pa khadi langa sizikuwerengeka, ndinalakwitsa pati?

"Zikomo bambo. Ndimasoka zovala ku Zomba. Ndinadzipangira khadi la bizinesi pa kompyuta, zilembo zoyera pa mtundu wa buluu wakuda. Nambala ya foni ndi imelo ndinaziika pa saizi 6 kuti zonse zikwane. Pa sikirini linkaoneka bwino kwambiri, koma makhadi atabwera kuchokera kopulinta, 8 akuoneka ngati 3, ndipo makasitomala achikulire akuchita kundifunsanso nambala pakamwa. Ndisanapulintitsenso, ndikonze chiyani?"

Mayi, chinakupusitsani choyamba ndi sikirini. Popanga khadi timalikulitsa mpaka kudzaza kompyuta yonse, mwina kuwirikiza katatu kapena kanayi, ndiye diso limazolowera zilembo zomwe papepala kulibe. Khadi lenileni ndi kanthu ka mamilimita 90 m'litali ndi 50 m'lifupi, ena amadula la 85 ndi 55.

Tiyambe ndi saiziyo. Nambala imene mumasankha pa fonti ndi mapoyinti, ndipo poyinti imodzi ndi mamilimita 0.35 basi. Koma musaganize kuti saizi 6 ndiye kuti chilembo chilichonse ndi chotalika mapoyinti 6. Muyesowo umaphatikiza malo a mutu wa b ndi mchira wa g. Thupi la zilembo zazing'ono monga a, e ndi o, zomwe diso limadalira powerenga, limangotenga pafupifupi theka, mwinanso kuchepera apo. Pa Arial ya saizi 6, thupi limeneli ndi mamilimita 1.1. Mukafika pa 7 likhala pafupifupi 1.3, pa 8 lifika 1.5. Ku Ulaya, lamulo la zolemba pa mapaketi a zakudya limati thupi la chilembo lisachepere mamilimita 1.2, ndipo ine muyeso umenewo ndimautenga ngati malire a pansi penipeni pa khadi.

Apa ndi pamene mafonti amasiyanirana. Times New Roman ya saizi 7 thupi lake ndi 1.1, kufanana ndi Arial ya saizi 6, ndipo Garamond imachepera apo. Verdana ndiye ili ndi thupi lalikulu kuposa zonsezi. Choncho munthu akakuuzani kuti "saizi 7 ndi yokwanira", mufunseni kuti ya fonti iti. Mafonti opendekera onga zolemba pamanja, amene osoka ndi ophika makeke amawakonda, asiyireni dzina la bizinesi lokha. Pa nambala ya foni asayandikire.

Koma chimene chinapha 8 wanu kwenikweni ndi zoyera pa buluu zija. Makina a masiku onse alibe inki yoyera. Chilembo choyera ndi pepala lomwe langosiyidwa osapakidwa, ndipo inki yozungulira imafalikira pang'ono kulowa mkati mwake. Pa zilembo zakuda, kufalikira kumeneku kumazinenepetsa. Pa zoyera kumaziwondetsa, ndiye timizere towonda timaduka. Komanso buluu wakuda si inki imodzi. Makina amasanja mitundu iwiri, itatu, nthawi zina mitundu yonse inayi ya inki imene makinawo ali nayo, wina pamwamba pa unzake, ndipo umodzi ukangophonya malo ake ndi kachigawo ka milimita, m'mphepete mwa chilembo mumatuluka kamthunzi kofiirira kapena kabuluu. Tengani khadi limodzi, lijambuleni ndi foni pafupi, mukulitse chithunzicho. Mukaona kamthunzi kumbali imodzi ya nambala iliyonse, dziwani kuti ndi zimenezi.

Ngati buluuyo mwamukonda, musamutaye. Kwezani zilembo zoyerazo zifike saizi 8 kapena 9, ndipo musankhe fonti yonenepako, Medium kapena Semibold, osati Light. Njira ina, imene ine ndingasankhe, ndi kusiya buluu kumbali ya chizindikiro cha bizinesi, nambala ndi imelo n'kuziika pa malo oyera ndi inki yakuda yokha. Mu CorelDRAW kapena InDesign, mtundu wake ukhale K 100, poti K ndiye inki yakuda, ndipo C, M ndi Y, zomwe ndi inki zina zitatu zija, zikhale pa 0. Zilembo zotuwa nazo zipeweni, chifukwa makina amapanga utuwawo ndi timadontho, ndipo kachilembo kakang'ono kamatuluka kong'ambikang'ambika m'mphepete.

Tsopano tiyale khadi lanu la 90 ndi 50. Siyani mamilimita 4 mbali zonse opanda cholemba chilichonse, popeza mpeni wodulira makhadi sugwera pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Inu mukudziwa za malo osiyira msoko podula nsalu, ndi chimodzimodzi. Mtundu wa buluuwo upitirire kunja kwa khadi ndi mamilimita 3 kuti pasatsale kamzere koyera m'mphepete. Malo olembapo atsala 82 m'litali ndi 42 kutsika pansi.

Dzina lanu likhale saizi 11, lidya pafupifupi mamilimita 4.6. Ntchito yanu pansi pake, saizi 8, mamilimita 3.9. Dumphani mamilimita 4. Kenako mizere inayi, ya foni, WhatsApp, imelo ndi malo a shopu, yonse saizi 8, ndipo kuchokera pa mzere wina kufika pa unzake pakhale mapoyinti 11. Mizere inayiyi itenga mamilimita 15.5. Mukawonkhetsa zonse zikwana 28, ndiye mwatsala ndi 14 a chizindikiro chanu. Mwaona kuti malo analipo kale.

Za mapoyinti 11 aja ndifotokoze pang'ono. Mapulogalamu ambiri amangodziikira okha mpata wa mizere woposa saizi ya fonti ndi gawo limodzi mwa asanu, ndiye pa saizi 8 ndi 9.6. M'buku zimenezi n'zabwino. Pa khadi, pomwe manambala awiri a foni asanjikizana, diso limalumpha mzere mosavuta, munthu n'kuyamba ndi nambala ya Airtel kumalizira ya TNM. Mu Word pitani pa Line spacing, sankhani Exactly, lembani 11 pt. Mpata wa pakati pa zilembo nawo ufutukuleni pang'ono: mu InDesign ikani Tracking pa 20, mu Word pitani pa Font, Advanced, Expanded, mulembe 0.2 pt. Musapyole kwambiri, mawu angamwazike. Nambala ya foni iduleni m'magulu, manambala anayi, atatu, atatu, monga timaitchulira pakamwa.

Chimene chimakankhira anthu ku saizi 6 kawirikawiri ndi imelo. Imelo ya zilembo 30 pa Arial ya saizi 8 imadya mamilimita oposa 40. Mukaika chizindikiro kumanzere n'kutenga theka la khadi, imelo sikwana, ndiye mumaichepetsa, kenako mumachepetsanso zina zonse kuti zifanane. Kwezani chizindikirocho pamwamba, imelo ipatseni mzere wake wonse. Mndandanda wa zimene mumasoka, masuti, madiresi a ukwati, mayunifolomu, upite kuseri kwa khadi.

Fayilo ipite kopulinta ngati PDF. Mukatumiza JPEG pa WhatsApp ngati chithunzi, imafinyidwa, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi tizilembo tating'ono tomweto. Itumizeni ngati Document. Mafonti alowe mu PDF momwemo, apo ayi muwasandutse mizere ndi Convert to Curves mu CorelDRAW, kuti kompyuta ya opulinta isakusinthireni fonti.

Musanalipire makhadi onse, pulintani limodzi pa pepala wamba mutasankha Actual size, osati Fit, muliyese ndi rula kuti ndi 90 ndi 50 ndithu. Kenako pemphani opulinta akutulutsireni limodzi pa pepala lenileni la makhadiwo, chifukwa pepala losasalala limamwa inki kuposa lonyezimira. Limenelo mupatse mmodzi mwa makasitomala achikulire aja, m'shopu mwanu momwemo chakumadzulo, akuimbireni foni powerenga nambala pa khadipo. Foni yanu ikapanda kulira, kwezani saizi ifike 9.