Mapilisi otsala azibwerera kuchipatala: zokanena pamsonkhano wa mudzi

"Amfumu andipatsa mpata Loweruka kuti ndikauze anthu azibweza mapilisi otsala kuchipatala, osamagawana ndi aneba. Ndikanene bwanji?"

Achemwali, musakayambe ndi kukalipa ayi, anthu amapatsana mankhwala chifukwa cha chifundo komanso chipatala kutalika, mukawanyoza angokuyang'anani basi. Gwirani nkhani ya LA poti aliyense amamudziwa. Pemphani mapaketi awiri opanda kanthu kwa alangizi a zaumoyo, mukawakweze m'mwamba n'kunena chonchi:

"Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Paketi iyi ndi LA wa munthu wamkulu, mapilisi 24, anayi m'mawa anayi madzulo kwa masiku atatu. Iyi ndi ya mwana wosakwana makilo 15, mapilisi 6 okha. Tsono bambo amwa masiku awiri, thupi lapepuka, atsala 8 asunga. Usiku mwana wa aneba watentha thupi, mayi ake agogoda, ife tapereka. Pamenepa tapweteka anthu awiri. Bambo aja tizilombo sitinafe tonse, malungo atha kuyambiranso pakapita masabata ochepa. Mwanayo sanayezedwe magazi, mwina si malungo n'komwe, ndi chibayo, ndipo pamene tikudikira kuti LA agwire ntchito chibayocho chikukulirakulira.

"Agogo pano mukukumbukira kolorokwini. Boma linamusiya mu 1993 tizilombo titamuzolowera, Fansida nayenso analowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Kumwa mosamaliza kumathandizira kuzolowera kumeneku. Ndiye pali Bakitirimu, ena thupi lawo limadana naye, amatuluka zilonda m'kamwa mpaka khungu kusupuka, inu mungadziwe bwanji za mneba wanu?

"LA ndi Amokisilini timamaliza onse. Koma ngati atsala poti adokotala anakusinthirani ena, kapena wodwala uja anatisiya, kapena tsiku lake linadutsa, asiyeni mupaketi yake momwemo mukapereke kwa alangizi kapena pawindo la mankhwala. Kudzala ayi, ana amatola n'kumayesa maswiti."

Koma musanapite, kambiranani kaye ndi oyang'anira chipatala chanu kuti azilandira ndani komanso tsiku liti, ndipo asamakalipire obweza, chifukwa mayi mmodzi akangokalipiridwa kuti bwanji simunamalize, mudzi wonse umva ndipo palibe adzabweretsenso.

Wina adzafunsa ndithu kuti nanga mwana akatentha pakati pa usiku titani. Muwayankhe kuti amuvule zovala zokhuthala, amupukute ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda pang'ono, azimuyamwitsa kapena kumumwetsa madzi pafupipafupi, kukacha apite kokayezetsa. Koma ngati akukomoka, akusanza chilichonse, akubanika kapena akukanika kuyamwa, asadikire kuche, anyamuke usiku womwewo.