Ngati mulibe "ine" wosasintha mwa munthu, wolakwa ndani?

"Ndamva kuti Abuda amati mwa munthu mulibe mzimu kapena 'ine' wa mkati. Ndiye akuti kulibe munthu? Nanga wakuba akagwidwa tilange ndani?"

Achimwene, Abuda sakana kuti inu mulipo, mumadya komanso mumamva ululu. Chimene amakana ndi choti mkati mwanumo muli kanthu kamodzi kosasintha kamene ndi mwini wa thupi ndi maganizo. Chiphunzitsochi amachitcha anata.

Ku Ulaya, René Descartes wa ku France analemba mu 1641 kuti angathe kukayikira chilichonse, ngakhale thupi lake lomwe, koma osati kuganiza kwakeko. Ndiye anati payenera kukhala woganizayo, chinthu chosiyana ndi thupi. Anaona ganizo, nati lili ndi mwini wake.

Buda anayenda njira ina. Ali ku Sarnath, pafupi ndi Varanasi ku India, anauza ophunzira ake asanu oyambirira kuti amuyang'ane munthu mbali zisanu: thupi, kumva kukoma kapena kuwawa, kuzindikira zinthu, zofuna ndi zizolowezi za mtima, ndi kudziwa kwenikweniko. Pa mbali iliyonse anafunsa ngati imakhalitsa, komanso ngati imamvera mukailamula. Taganizirani dzino likakuyambani pakati pa usiku. Simunaliitane, ndipo kuliuza kuti lisiye n'kutaya nthawi. Mkwiyo umene ukubwera nawonso simunausankhe. Ganizo loti "ndifa nalo dzinoli" likubwera, pakangopita kanthawi lapita. Mukafufuza mbali zonse zisanu, palibe imene ikukhala chikhalire kapena kukumverani kotheratu, ndipo wachisanu ndi chimodzi woima pambali simumupeza. Ineyo ndimaona kuti pamenepa Buda anasamala kuposa Descartes, chifukwa sanawonjezere chimene sanachione. Ndipo si Azungu onse amene anatsata Descartes: David Hume wa ku Scotland mu 1739 anati akadziyang'ana mkati amangopeza kutentha, kuzizira, chikondi, chidani, osapeza mwini wake.

Funso longa la wakubalo analifunsanso Mfumu Milinda kwa mmonke Nagasena, m'malemba akale a Chibuda. Nagasena anati: munthu waba mango, pogwidwa akuti, "Amene ndathyolawa si amene mwini munda anabzala." Kodi amasulidwe? Mfumu inati ayi, pakuti mango othyoledwawo anachokera mwa obzalidwawo. Chimodzimodzi munthu. Wa lero sali ndendende wa dzulo, koma si winanso, chifukwa wachokera mwa iye, choncho mlandu umamutsata.

Pamene ambiri timavutika ndi pa chiphunzitso cha Abuda cha kubadwanso munthu akamwalira. Abuda amati palibe mzimu umene umasamuka, zimene zimapitirira ndi zotsatira za zochita. Kulumikizana kotereku n'kosavuta kukuona mwa munthu wamoyo, amene thupi ndi chikumbumtima chake zilipo. Kukuonetsa kutsidya kwa imfa ndiye kovuta, ndipo magulu a Abuda okhaokha anatsutsanapo kwa zaka mazanamazana.