Pempho linanyamuka ndi katundu, likufika manja lende

"Achimwene, ndili ndi FastAPI kumbuyo kwa nginx. Kampani yolipirira pa foni ikatumiza POST ku `/malipiro`, ine ndikungoona GET ndi 405. Nditayatsa `HTTPSRedirectMiddleware` kuti mwina zisinthe, tsamba lonse lafa, likungoti `ERR_TOO_MANY_REDIRECTS`. Ndalakwitsa pati?"

Kalata yanuyi yandikumbutsa chilonda chomwe sichinapole bwinobwino, ndiye mundilole ndiyambe ndi changa.

Ndinapangirapo gulu lina la alimi pulogalamu yolandirira ndalama za umembala. Yanga inali ya Django. Polembetsa adiresi yoti kampani yolipirira izitumizako uthenga wa malipiro, ndinaiwala kamzere kopendekera ka kumapeto, ndinalemba `/malipiro` m'malo mwa `/malipiro/`. Django ili ndi `APPEND_SLASH`, yomwe imakhala yoyatsa kale, ndipo ikaona zotere imayankha 301, kulozera ku adiresi ya kamzereyo. Kompyuta ya kampani ija inkatsatira ndithu, koma pobwerera inkabwera ndi GET yopanda kanthu. Choipitsitsa n'chakuti khodi yanga sinkakana GET. Inkangoyankha 200, ndiye kwa iwo zonse zinali bwino, uthenga wafika, palibe chifukwa chotumiziranso.

Panapita masiku anayi. Tsiku lachisanu mayi msungichuma anandipeza atanyamula kope lachikuto chothothoka, momwe analemba pamanja dzina lililonse la munthu amene anabwera kudzawaonetsa uthenga wa pa foni wotsimikiza kuti walipira. Anandiikira kopelo patebulo, chala chili pa mzere wa mayina, n'kunena kuti, "Bambo, anthuwa akuti ine ndadya ndalama zawo." Sanakweze mawu. Ndalama sizinasowe, zinali mu akaunti ya gulu, koma dzina la mayiwo linali litayamba kale kuipa m'mudzi chifukwa cha kamzere kamodzi komwe ine ndinaiwala. Tinakhala mpaka usiku tikufananitsa kope lawo ndi sitetimenti, dzina ndi dzina. Kuyambira pamenepo nkhani ya 301 sindiitenga ngati yaing'ono.

Chimene chimachitika ndi ichi. Kalekale mabulawuza anazolowera kuti akalandira 301 kapena 302 atatumiza POST, pempho lachiwiri amalisandutsa GET n'kutaya katundu yense amene POST inanyamula. Malamulo oyamba sankafuna zimenezi, koma chizolowezi chinakula mpaka RFC 7231 ya 2014 inangovomereza kuti n'zololedwa. N'chifukwa chake pali 307, yomwe inalowa mu RFC 2616 ya 1999, ndi mnzake 308 wa mu RFC 7538 ya 2015. Ziwirizi zimalamula kuti POST ikhalebe POST ndipo katundu atumizidwenso. Kusiyana kwake n'kwakuti 307 imati wasamuka kwa kanthawi, 308 imati wasamukiratu.

Mwina mukudabwa kuti FastAPI imagwiritsa ntchito 307 ikamakonza kamzere kaja, nanga katundu akutayikira pati? Ndikukhulupirira kuti kulozera kwanu kukuchitika kawiri, osati kamodzi. POST ikufika pa nginx kudzera pa `https`. Nginx ikuvula chitetezocho n'kupereka pempho kwa uvicorn, seva yomwe imayendetsa FastAPI, kudzera pa `http` wamba. FastAPI ikuona kuti kamzere kakusowa, ikuyankha 307, koma popeza iyo yaona `http`, adiresi yomwe ikulemba mu `Location` ikuyambanso ndi `http://`. Wotumiza akumvera, akutumizanso POST ndi katundu wake ku poti 80. Kumeneko akupeza lamulo la nginx lomwe tonse tinakopera, la `return 301 https://$host$request_uri;`. Apa ndi pamene katundu akugwera. Ulendo wachitatu ukubwera ndi GET, ndipo FastAPI, posadziwa GET pa adiresi imeneyo, ikuyankha 405. Muthokoze 405 imeneyo, chifukwa yakuchenjezani tsiku lomwelo. Ine ndinalibe wondichenjeza.

Pali china chomwe chikundidetsa nkhawa kuposa 405. Pa ulendo wachiwiri uja, nambala za foni za anthu ndi kuchuluka kwa ndalama zawo zadutsa pa intaneti osabisidwa, chifukwa 307 yatumiza katundu yense ku `http`. Anthu ambiri akamva kuti 307 imasunga katundu amaganiza kuti ndiye mankhwala a zonse. Ayi. Imasunga katundu ngakhale ikulozera malo olakwika. Komanso si aliyense angathe kutumizanso. Pulogalamu ya Go, ikakhala kuti katundu inamuwerenga kamodzi n'kutha ndipo `GetBody` palibe, siitsatira 307, imangokubwezerani yankholo m'manja. Zida zambiri zimachotsanso `Authorization` zikalozeredwa ku dzina lina la seva, ndiye katundu amafika koma chiphaso chatsala, n'kulandira 401.

Ine maganizo anga ndi olimba pamenepa. Adiresi yolandirira malipiro isamalozere kwina n'komwe, kaya ndi 301, 307 kapena 308. Kulozera n'kwa munthu wokhala pa bulawuza amene walemba adiresi mosasamala. Kompyuta ya anzathu sitiidziwa kuti inalembedwa bwanji, zina zimatsatira, zina sizitsatira konse. Kudalira khalidwe la chinthu chomwe simungachione ndi kuika ndalama za anthu pangozi.

Za kuzungulira kuja

Gwero lake ndi lomwelo. `HTTPSRedirectMiddleware` imayang'ana ngati pempho labwera pa `https`. Popeza nginx imapereka chilichonse pa `http`, iyo ikuona ngati aliyense wabwera wosatetezedwa, n'kumuuza kuti apite ku `https`, komwe ali kale. Bulawuza ikupita, nginx ikuvulanso, yankho n'kukhala lomwelo. Chrome imatopa pakatha maulendo 20, curl pa 50, `requests` ya Python pa 30. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: adiresi ya mu `Location` imafanana ndendende ndi yomwe mwapempha.

Musayesere pa bulawuza, chifukwa imasunga 301 ndipo ingapitirize kukulozerani kolakwika ngakhale mutakonza. Yesani chonchi, n'kuwerenga mizere yoyamba ndi `>` ndi `<` mmodzimmodzi:

```
curl -v -L -d 'ndalama=500' https://example.com/malipiro
```

Musaikepo `-X POST`. Mukatero curl imakakamira mawu oti POST pa ulendo uliwonse ngakhale katundu yamutaya pa 301, ndiye mumaona POST yopanda kanthu n'kuyamba kufufuza vuto lomwe kulibe.

Kukonza kwake, uzani nginx kuti izinena momwe pempho linabwerera:

```
proxy_set_header Host $host;
proxy_set_header X-Forwarded-Proto $scheme;
```

Kenako uvicorn ikhulupirire mawuwo. Mwachizolowezi imakhulupirira `127.0.0.1` yokha, ndiye ngati nginx ili mu kontena ina ya Docker, `X-Forwarded-Proto` ikunyalanyazidwa mwakachetechete. Ipatseni adiresi ya nginx yanu kudzera pa `--forwarded-allow-ips`, ndipo musaike `*` ngati poti ya uvicorn ikufikirika kuchokera kunja. Zikatero kuzungulira kutha, ndipo 307 iyamba kulozera ku `https`. Pomaliza lowani kumene munalembetsa adiresi ku kampani ija muikemo `https://` ndi `/malipiro/` ndendende momwe ilili mu khodi, kenako muwapemphe atumizenso mauthenga onse kuyambira tsiku lomwe 405 yoyamba inaonekera, muwafananitse ndi sitetimenti.