Mudzi wa nthano zanu uyambire pachitsime

"Moni achemwali. Ndimakhala ku Mufakose, ndipo ndikulemba nkhani zotsatizana za mudzi wongopeka wokhala ndi zozizwitsa. Ndafika gawo lachinayi, koma owerenga akuti mudziwo sakuuona m'maso mwawo. Inenso ndaiwala kumene ndinaika manda. Ndikonze bwanji?"

Achimwene, tengani pepala, ndipo musanajambule nyumba ya mfumu, ikani kadontho pamene anthu amatunga madzi. Ife a kuno ku Harare timadziwa zimene mzere wa pamjigo umachita madzi akasowa m'mipopi: mbiri yonse ya m'dera imamvekera pamenepo, ndewu imayambira pamenepo. Kumudzi n'chimodzimodzi. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, choncho anthu safuna kumanga kutali ndi madzi. Mukadziwa pamene pali chitsime, nyumba, madimba ndi tinjira zimadziika zokha.

Tiyeni tipeke mudzi limodzi kuti muone. Chitsime chake chimayankha funso limodzi la munthu woyamba kutunga m'mamawa, ndipo sichinama. Koma wofunsayo amaiwala munthu mmodzi wa kubanja kwake, osadzamukumbukiranso. Lamulo ndi lomwelo, ndipo pa magawo oyambirira musawonjezepo lina. Ndikutero chifukwa lamulo limodzi lokhala ndi malipiro owawa limabala nkhani zambiri kuposa zozizwitsa khumi zaulere.

Tsopano dzifunseni kuti anthu amene akhala ndi chitsime chotere kuyambira makolo awo amachita zotani. Palibe mayi angafune kukhala woyamba kutunga, kuopa kuti funso lingamupulumuke pakamwa. Ndiye mwina pali gogo wina amene abale ake onse anatha, ndipo ndiye amatunga koyamba tsiku lililonse ali chete, mudzi n'kumamupatsa ufa. Ana amaletsedwa kufika kumeneko dzuwa lisanatuluke. Mkamwini wongobwera kumene amalangizidwa za chitsime asanaonetsedwe munda. Mlandu ukakanika pabwalo, wina amaopseza kuti, "Tikafunsa kuchitsime," anthu n'kukhala chete, chifukwa aliyense akudziwa kuti kupita kumeneko n'kutaya mbale. Owerenga amakhulupirira chozizwitsa akaona zizolowezi zimene chabala. Taganizani za mdulo: mwana wa kumudzi sauzidwa zonse, amangoona kuti masiku ena mayi sathira okha mchere m'ndiwo, amaitana wina.

Malo amene nkhani yanu izibwererako asapitirire asanu, ndipo alionse akhale ndi ntchito imene ena sangaigwire. Pachitsime pamatuluka zinsinsi. Pabwalo, pansi pa mtengo wa kachere, zinsinsizo zimasanduka milandu, ndipo olankhula ndi akuluakulu. Pamtondo amayi amaimba zimene sanganene pabwalo. Kumanda, m'nkhalango imene sadulamo mitengo, kumapita munthu amene akufuna kuwerenga mayina a anthu amene anawaiwala. Malo achisanu ndi njira yotulukira m'mudzi, powolokera mtsinje, pamene pamawolokeka m'chilimwe koma m'dzinja pamadzaza. Malo amodzi omwewo asinthe ndi nyengo: bwalo la m'masika, anthu atakhuta, lisamafanane ndi bwalo la mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee.

Za manda anu osokonekerawo, mankhwala ake ndi kulemba mitunda m'mphindi zoyenda pansi. Munthu amayenda makilomita anayi kapena asanu pa ola, ndipo wosenza mtsuko amachedwerapo. Lembani pa pepala lija kuti kuchoka pabwalo kufika kuchitsime ndi mphindi 10 kutsetsereka, kumanda ndi mphindi 25 cha kumadzulo. Zikatero, gogo uja akamva kulira kwa maliro kuchokera pabwalo iye ali pachitsime, mudziwa kuti n'kotheka, koma ali kumanda sangamve mwana akuitana pabwalo. Gawo lililonse mukamaliza, lembaninso m'kope amene wafunsa chitsime ndi amene waiwalidwa. Mukapanda kutero, pa gawo lachisanu ndi chitatu mayi adzatchula dzina la mwana amene anamuiwala pa gawo lachiwiri, ndipo owerenga adzakugwirani.

Kuti mudziwe ngati lamulo lanu lili ndi chibowo, patsani mnzanu gawo limodzi, mumufunse kuti, "Ukanakhala iwe ukanatani?" Akayankha msanga kuti akanangotuma mlendo wopanda abale kukafunsa, ndiye kuti anthu a m'mudzimo akanaganiza zimenezo kalekale. Musabise chibowocho. Sankhani: kaya chitsime chimayankha obadwira m'mudzimo okha, kaya anayesapo kutuma mlendo ndipo zimene zinachitika n'zimene zinachititsa kuti nyumba ina ya kumapeto kwa mudzi isakhalenso ndi munthu. Ine ndikanasankha yachiwiriyi, ndipo nyumbayo ndikanaionetsa kuyambira gawo loyamba, chitseko chili chotseka, ana akuilambalala popita kumadzi.